Nkhuku 70 ndi kabokosi kamene ndinapanga ndekha

Fungo la nkhuku zosungunuka mu firiza mwezi wa Okutobala silichoka msanga m'mphuno. Papita zaka, koma ndikalowa m'shopu ya achemwali anga ku Kawale n'kumva kompuresa ikung'ung'udza kuseri kwa kauntala, mtima umakhala pansi, ndipo ndikapanda kuimva ndimayamba ndaika dzanja pa firiza ndisanapereke ndi moni yemwe.

Sabata yatha mnzanga amene watsegula kagolosale ku Area 25 anandifunsa kuti ndimuuze chabwino n'chiti: agule mapulagi oyendetsa pa foni aja pamodzi ndi habu yake, kachida kamene kamawalumikiza ndi kuwalamulira onse, kapena ndimupangire kontirola yakeyake monga ndinachitira kwa achemwali. Anati wamva kuti yopanga wekha ndi yotsika mtengo. Ndinamuyankha mwachidule pa foni, koma yankho lenileni ndi lalitali, ndipo limayambira pa nkhuku zija.

## Chimene ndinamanga

Munali mu 2022, chaka chimene namondwe Ana anaononga malo opangira magetsi a Kapichira. Mukukumbukira mmene tinkakhalira. Shopu ya achemwali ili ndi mafiriza awiri ogona, ya nkhuku ndi ya nsomba ndi soseji, firiji ya galasi ya zakumwa, nyale ziwiri zapanja ndi nyale ya pa chikwangwani. Vuto lawo linali loti magetsi akabwera, nthawi zina amabwera n'kuthimanso, kenako n'kubweranso, ndipo firiza imangomveka kuti thi, thi, osadzuka.

Chimachitika apo n'chakuti kompuresa ikangoima, mpweya wa m'mapaipi umakhala wopanikizika mbali imodzi. Imafuna mphindi zitatu mpaka zisanu kuti mpweyawo ulingane. Ukaipatsa magetsi nthawi imeneyi isanakwane, injini imalimbana ndi katundu woposa mphamvu zake, imakoka magetsi ambiri, imatentha, ndipo kachida koiteteza kamaidula. Phokoso lija ndi la kachidako. Zikamachitika kawirikawiri, tsiku lina kompuresa imapsa.

Ine ntchito yanga ndi yokonza makompyuta ndi kuyala mawaya a netiweki m'maofesi, choncho ndinaona kuti apa ndiye pothandiza mlongo wanga. Ndinagula kakompyuta kakang'ono ka wayifayi kotchedwa ESP32, kabolodi ka marileyi anayi abuluu aja olembedwa `10A 250VAC`, amene ndi maswichi oyatsidwa ndi kakompyutako, ndi masensa awiri a kutentha a DS18B20. Mu ESP32 ndinaikamo pulogalamu yoyendetsa marileyi yotchedwa Tasmota. Pashelefu ya pamwamba ndinaika kompyuta yaing'ono ya Raspberry Pi yokhala ndi pulogalamu ya Home Assistant, kuti ikhale habu: izilandira mauthenga kuchokera ku kabokosiko kudzera pa njira yotumizirana mauthenga yotchedwa MQTT, izisunga mbiri ya kuzizira kwa mafiriza, n'kumandichenjeza pa foni zinthu zikasokonekera. Lamulo lochedwetsa firiza linali ili:

```
PowerOnState 0
Rule1 ON System#Boot DO RuleTimer1 300 ENDON ON Rules#Timer=1 DO Power1 ON ENDON
Rule1 1
```

Tanthauzo lake ndi losavuta. Magetsi akabwera, rileyi ikhale yozima. Kabokosi kakadzuka, kawerenge masekondi 300, kenako kayatse firiza. Firiza yachiwiri inali ndi lamulo lofanana nalo, koma inkadikira theka la mphindi kuonjezera apo kuti ziwirizo zisadzukire limodzi.

Ndipo kuti zioneke zaukhondo, ndinadula mapulagi a mafiriza onse awiri n'kulowetsa mawaya ake molunjika m'kabokosimo. Ndinamanga ndi masikuluwu, n'kukhoma bokosilo pakhoma. Linagwira ntchito miyezi isanu ndi iwiri popanda chovuta, ndipo ndinkalinyadira.

## Lachisanu, Loweruka, Lamulungu

Lachinayi usiku tinalandira uthenga wa maliro kwawo kwa akazi anga ku Ntcheu. Mkamwini pa maliro a kuchikazi sakhala ndi nthawi yoyang'ana foni, ndipo m'mudzimo netiweki imagwira ukakwera pachulu cha kuseri kwa tchalitchi. Pofika Loweruka m'mawa foni yanga inali itatha moto.

Ku Kawale magetsi anazima Lachisanu m'mawa, n'kubwera usiku shopu itatsekedwa. Loweruka nyale zinkayaka, wailesi inkalira, firiji ya zakumwa inkazizira chifukwa iyo sindinaidutsitse m'kabokosi. Kanyale ka pa kabokosi kanga nakonso kankayaka. Palibe amene akanaganiza kuti mafiriza awiriwo ali chete. Tinyale ta mafirizawo tili mmunsi, mbali yoyang'ana kukhoma, kuseri kwa makireti. Tsiku lonselo mnyamata wa m'shopu ankatsegula, kutulutsa nkhuku, kutseka, kutsegulanso. Firiza yodzaza bwino, yosatsegulidwa, imasunga chisanu pafupifupi masiku awiri. Yotsegulidwa kambirimbiri, pa Okutobala, m'shopu ya malata, siifika kumeneko.

Madzulo a Loweruka ndi pamene mnyamatayo anaona kuti nkhuku zapamwamba zayamba kufewa. Achemwali anayang'ana kuseri kwa firiza kuti aisomeke pa soketi ina, n'kupeza waya wolowa m'bokosi lokhomedwa. Anandiimbira kasanu ndi kawiri. Anazimitsa swichi yaikulu n'kuyatsanso, kudikira mphindi zisanu zimene ndinawauza zija, koma zii. Wamagetsi amene amamudalira anali kutali, anabwera Lamulungu masana atatuluka m'tchalitchi. Anatsegula bokosi, kumasula mawaya awiri aja, kumangirira mapulagi atsopano, kusomeka pakhoma. Sizinamutengere mphindi khumi. Makompuresa anadzuka nthawi yomweyo, koma munali mutadutsa masiku awiri ndi theka.

Ndinafika Lolemba. Anali atakwirira kale zambiri kuseri kwa nyumba, ndipo mnyamata ankatsuka firiza ndi sopo wa ufa. Achemwali anali atakhala pa kireti ndi kope lawo la ngongole, chifukwa theka la nkhukuzo anazitenga kwa mlimi kuti adzalipire akagulitsa. Sanakweze mawu. Anandipatsa moni wa maliro kaye monga mwa mwambo, kufunsa mmene tayikira. Kenako anati:

"Achimwene, ine sindikudziwa chimene chinafa m'bokosi lanulo, ndipo sindikufunsa. Koma ndikanakhala ndi pulagi m'manja, ndikanangoisomeka pakhoma Loweruka lomwelo."

Sindinayankhe. Ndinatenga Raspberry Pi pashelefu n'kupita nayo kunyumba.

## Liwu limodzi

Usiku umenewo ndinapeza chimene chinachitika. Magetsi atazima Lachisanu, Raspberry Pi inali mkati molemba pa memoli khadi yake, ndipo khadiyo inaonongeka. Ndi matenda odziwika a makhadi amenewa akadulidwa magetsi mwadzidzidzi, ndipo ine ndinali ndisanaike batire yoisunga. Magetsi atabwera, habu sinadzuke.

Nanga n'chifukwa chiyani kufa kwa habu kunazimitsa firiza, pamene lamulo lija linali mu ESP32? Chifukwa cha liwu loti `System#Boot`. Ine ndinkaliwerenga ngati kuti "kabokosi kakangodzuka". Koma mu Tasmota limadikira mpaka chidacho chitalumikizana ndi wayifayi, komanso ndi MQTT ngati unaiyatsa. Seva ya MQTT inali mu habu yakufa ija. Choncho kabokosi kanadzuka bwinobwino, kanayatsa kanyale kake, n'kumangogogoda pakhomo pa habu masiku awiri, osayamba n'kuwerenga komwe masekondi 300 aja. Zinalembedwa momveka m'malangizo ake. Ndine amene sindinawerenge mpaka kumapeto. Liwu loyenera linali `System#Init`, limene limachitika chidacho chisanayambe kufunafuna netiweki.

Ndipo chenjezo loti firiza ikutentha linkayenera kuchokera kuti? Ku habu yomweyo. Mlonda ndi chipata zinali pa chingwe chimodzi.

Miyezi isanu ndi iwiri ija ndinkayesa kuti ndayeza zonse, chifukwa magetsi anazima nthawi zosawerengeka ndipo mafiriza ankadzuka. Koma nthawi zonsezo habu inkadzukanso. Ndinali ndisanayeserepo kuzula habu n'kuona kuti kabokosi kachita chiyani kokha.

Nditatsegula rileyi ya firiza yaikulu ndinapezanso china. Timilomo take togunda tinali takuda, tokumbika. Firizayo yalembedwa mawati 160, kutanthauza kuti poyenda imakoka pafupifupi ampu imodzi pa mavoti 230. Ndinkati rileyi ya maampu 10 ndi yokwanira ndi kutsala. Koma kompuresa podzuka imakoka kasanu mpaka kasanu ndi katatu kuposa pamenepo kwa kamphindi, ndipo nambala 10 ija ndi ya katundu wofatsa ngati babu kapena chotenthetsera, osati injini. Tsiku lina timilomoto tikanamatirirana, kapena kuleka kugunda. Mwina bokosilo likanandipatsa chaka china, koma mathero akanakhala omwewo.

Kusintha liwu lija kukanatenga mphindi imodzi. Ndinakhala nthawi yaitali ndikuyang'ana sikirini, chifukwa ndinkadziwa kuti mawu a achemwali sakukhudza liwulo. Ngakhale ndikanalemba zonse molondola, ndinali nditaika pakati pa khoma ndi katundu wawo chinthu chimene munthu mmodzi yekha m'Lilongwe monse ankachimvetsa, ndipo munthuyo amapita ku maliro, amadwala, foni yake imatha moto.

## Zogula nazo zili ndi matenda ake

Mwina mukuganiza kuti kuchokera apo ndinangothamangira kukagula mapulagi a m'sitolo. Ndinagula imodzi kaye, n'kuizunza patebulo kunyumba sabata yathunthu, ndipo ndikupempha aliyense achite chimodzimodzi asanagule zisanu.

Choyamba ndinaizula pakhoma ili choyaka, n'kuisomekanso. Inabwera yozima. M'pulogalamu yake ya pa foni muli posankha chimene ichite magetsi akabwerera: kuyaka, kuzima, kapena kukumbukira mmene inalili. Si mapulagi onse ali ndi posankha pamenepa, ndipo imene ilibe si yoika pa chinthu chozizira m'dziko lathu lino.

Kenako ndinaikira ndandanda yoti iziyaka ndi kuzima pa nthawi yake, n'kuzimitsa rauta. Inapitiriza kutsata ndandandayo. Ndinakondwa, mpaka pamene ndinadula magetsi a pulagiyo rauta idakali yozima. Itadzuka sinkadziwanso kuti ndi nthawi yanji. Mapulagi ambiri alibe wotchi ya batire mkati. Nthawi amaifunsa pa intaneti. Ndiye taganizani za shopu imene intaneti yake ndi karauta ka simu khadi, ndipo bandulo yatha pa 28 pa mwezi. Magetsi akazima n'kubwera, ndandanda yonse yagona mpaka mutagula bandulo. Palinso ena amene ngakhale foni yako ili pa wayifayi imodzimodzi ndi pulagi, lamulo limayamba lapita ku seva ya kampani kunja kwa dziko n'kubwerera. Intaneti ikasowa, chotsala ndi kabatani ka pa pulagi basi.

Koma taonani: kabatani kalipo. Ndipo ngakhale kabataniko katakana, pulagi ya m'sitolo umaizula n'kusomeka firiji molunjika pakhoma. Mwana wa sitandade 5 akhoza. Pa zonse zimene mapulagi ogula amaposera bokosi langa lija, chachikulu ndi chimenechi, ndipo sichilembedwa pa katoni.

Za habu ndinene mwachidule. Mapulagi a wayifayi safuna habu. Amangofuna rauta ya 2.4 GHz. A mtundu wa Zigbee, amene sagwiritsa ntchito wayifayi, ndiye amafuna habu, ndipo ubwino wake umaoneka ukakhala ndi zida zambiri, makamaka timasensa ta batire ta pa zitseko. M'shopu ya chipinda chimodzi yokhala ndi zinthu zinayi kapena zisanu zozimitsa, habu ndi chinthu chinanso chofuna magetsi, chofuna batire yake, chotha kufa. Ine habu inandiphunzitsa mokwanira. Amene akuifunadi aiike pa kabatire kosunga rauta kaja, ndipo aizule dala tsiku lina kuti aone chimene chiime.

Ndipo poti zambiri timaitanitsa kunja kapena timagula kwa obwera nazo, yang'anani miyendo yake. Masoketi athu ndi a miyendo itatu yamakona, a maampu 13. Pulagi ya miyendo iwiri yozungulira imafuna adaputa, ndipo adaputa yogwedera yonyamula katundu wolemera imatentha mpaka kusungunula pulasitiki. Maampu 13 pa mavoti 230 ndi pafupifupi mawati 3,000. Makina okazingira tchipisi kapena ketulo yaikulu zimayandikira pamenepo, ndipo sindingaziike pa pulagi yotere kwa maola ambiri, kaya katoni ikulonjeza chiyani.

## Mmene tinagawira shopu

Sabata yotsatira tinakhala pansi ndi achemwali, kope lili pakati. Sindinayambe ndi funso loti tigule kapena tipange. Tinatenga chinthu chimodzichimodzi n'kufunsa kuti chida choyendetsa chinthuchi chikafa usiku, popanda wodziwa, m'mawa tipeza titataya chiyani.

Pa mafiriza yankho linali litakwiriridwa kale kuseri kwa nyumba. Ndiye pamenepo sitinaikepo chilichonse cha pa foni, chogula kapena chopanga. Tinagula mafiriji gadi awiri, timabokosi tosomeka pakhoma tija timene timachedwetsa magetsi mphindi zingapo akabwera ndi kudula voteji ikatsika kwambiri. Ntchito yonse imene ndinamangira ESP32, habu ndi MQTT, kachida kameneka kamaichita kopanda wayifayi, kopanda pulogalamu, ndipo kamapezeka m'mashopu a zamagetsi m'tauni. Kakafa, umakazula. Ndinkakadziwa kale. Kungoti panthawiyo kankandionekera ngati kachikale.

Nyale zapanja ndi ya chikwangwani tinaziika pa swichi yoona kuwala, imene imayatsa kukada n'kuzimitsa kukacha. Siifunsa nthawi kwa aliyense. Dzuwa ndiye wotchi yake.

Pulagi ya pa foni inapeza malo ake pa firiji ya zakumwa. Ikakana ntchito, chotayika ndi m'mawa umodzi wa Fanta wofunda. Ndinasankha yotha kuyeza magetsi, ndipo sabata yoyamba sitinaizimitse, tinangoyeza. Firijiyo inkadya mayunitsi pafupifupi 3.6 patsiku. Kenako tinaika kuti izizima 10 koloko usiku n'kuyaka 5 koloko m'mawa. Munthu angayembekeze kuti maola 7 mwa 24 achotsa yunitsi yathunthu kapena kuposa, koma sizitero, chifukwa m'mawa kompuresa imathamanga nthawi yaitali kubweza kuzizira kumene kunatayika. Tinatsikira pa mayunitsi 3 patsiku. Ndiye kuti 0.6 patsiku, mayunitsi 18 pamwezi. Pulagiyo payokha imadya pafupifupi wati imodzi usana ndi usiku, kutanthauza yunitsi yosakwana imodzi pamwezi. Phindu lilipo, si lalikulu, koma pa mita yolipiriratu achemwali amaliona. Pakati pa pulagi ndi firiji tinaikapo firiji gadi, kuti wina akadina foni kawiri motsatizana kompuresa isavutike.

Kuyeza kuja kunatipatsa china chimene sitinkachifuna n'komwe. Nditabwereka pulagiyo masiku atatu kuti ndiyeze firiza ya nsomba, ine ndili pomwepo tsiku lililonse, ndinaona kuti kompuresa yake siipuma. Mzere wa pa foni unali wongowongoka, pamene firiza yabwino imaonetsa kukwera ndi kutsika. Tinapana pepala pa chivundikiro, ndipo pakona imodzi linasololoka osagwidwa. Labala wa m'mphepete anali atauma. Kumusintha kunapulumutsa mayunitsi ambiri kuposa ndandanda ya usiku ija. Ngati muli ndi ndalama ya pulagi imodzi yokha, gulani yoyeza, muziiyendetsa m'shopu monse ngati sikelo.

## Nanga mtengo?

Mnzanga wa ku Area 25 sananame. Zida za m'bokosi langa, kupatula habu, zinali zotsika mtengo kuposa mapulagi anayi. Koma pa mtengo umenewo sindinawerengerepo Loweruka atatu amene ndinakhala ndikuwotcherera mawaya, kapena maulendo obwera kudzakonza tinthu ting'onoting'ono. Kwa mlongo wanga sindinalipiritse. Kwa munthu wina ndikanalipiritsa, ndipo bokosilo likanadula kuposa mapulagi aja. Sindinawerengerenso kuti ESP32 ikapsa, ina siipezeka pa msika wa ku Kawale. Nthawi zina umadikira masabata. Kwacha itagwa ndi 44 peresenti mu Novembala 2023, zonse zinakwera, zogula ndi zopangira zomwe, koma firiji gadi yolowa m'malo umaipezabe tsiku lomwelo.

Pali mtengo wina umene sindifuna kuupeputsa. M'bokosi lopanga wekha mumadutsa mavoti 230 pafupi ndi timawaya ta mavoti 5, pa kabolodi kotchipa kamene mipata yake ndi yopapatiza. Sikuluwu imodzi yosamanga bwino imatentha pang'onopang'ono kwa miyezi. Shopu ya achemwali ndi yalendi, yagundana ndi telala mbali ino ndi saluni mbali inayo, ndipo usiku simugona munthu. Chida chogula cha kampani yodalirika chinapangidwa m'chikuto chosagwira moto msanga ndipo chinayezedwa. Langa linayezedwa ndi ine ndekha. Amene akufunadi kuti kontirola yake iziyatsa injini, rileyi yaing'ono ija izingokoka kontakita, swichi yamphamvu yopangidwira injini, kontakitayo ndiye inyamule katundu, ndipo mawaya a magetsi aakulu amange wamagetsi wa ziphaso.

Kwa anzanga okonda Tasmota, chinthu china chimene ndinachidziwa mochedwa: magetsi akayaka ndi kuzima mofulumira kasanu ndi kawiri motsatizana, chidacho chimayesa kuti mwini wake akufuna kuchibweza pachiyambi, n'kufufuta zonse zimene unaikamo. Kwathu kuno magetsi okha akhoza kuchita zimenezo. `SetOption65 1` imaletsa khalidweli.

## Chimene ndinapangabe ndekha

Sindinasiye kupanga. Panatsala ntchito imodzi imene sindinaipeze pa shelefu iliyonse mmene tinkaifunira: kuuza achemwali kuti firiza ikutentha, ngakhale magetsi kulibe, rauta yazima, bandulo yatha. Masensa ogula amene ndinawaona onse ankadalira wayifayi kapena habu, zimene zimagona nthawi yomweyo imene chenjezo likufunika.

Ndiye ESP32 ija inabwereranso m'shopu, koma yopanda rileyi ngakhale imodzi. Siikhudza waya wa firiza. Ili ndi masensa awiri a DS18B20 aja, aliyense wolowa m'firiza yake pakona ya chivundikiro ndi kawaya kopyapyala, ndi kachida ka SIM800L kotumiza mameseji wamba pa netiweki ya 2G. Zonse zimadya ku batire imodzi ya 18650 imene imatchajidwa ndi tchaja ya foni. SIM800L ili ndi khalidwe lake: imafuna mavoti apakati pa 3.4 ndi 4.4, ndipo potumiza imakoka mpaka maampu awiri kwa kanthawi kochepa kwambiri. Ukaidyetsa kuchokera pa kabolodi ka ESP32 imangodzizimitsa n'kuyambiranso. Imafuna waya wamfupi, wonenepa, wochokera ku batire, ndi kapasita yaikulu pambali pake.

Firiza yabwino imakhala pa -18°C. Sindinaike chenjezo pamenepo, chifukwa kutsegula chivundikiro kokha kumakweza nambala ya pa sensa, ndipo alamu yolira pachabe anthu amaleka kuimvera. Imatumiza meseji kutentha kukakhala pamwamba pa -12°C kwa mphindi 20 zosadukiza. Meseji imapita ku mafoni atatu: ya achemwali, ya mnyamata wa m'shopu, ndi yanga pomalizira. Ndi ya Chichewa, ndipo imanena chochita: firiza ya nkhuku yatentha, onani ngati kanyale ka firiji gadi kakuyaka, ngati magetsi alipo koma sikakuyaka kazuleni musomeke firiza pakhoma.

Kachidaka kakafa, mafiriza sadziwa n'komwe, amapitiriza kuzizira. Chotayika ndi mlonda yekha. Koma mlonda wakufa mwakachetechete ndi amene anatipweteka poyamba paja, choncho m'mawa uliwonse kamatumiza meseji imodzi yongonena kuzizira kwa mafiriza onse awiri ndi mphamvu ya batire. Ndinauza achemwali kuti tsiku limene meseji imeneyo isabwere, adziwe kuti mlonda wagona, ayendere mafiriza ndi dzanja mpaka nditabwera. Pakhoma, pamwamba pa firiza, pali pepala lomatidwa ndi selotepi lolembedwa zomwezo, ndi nambala ya simu khadi ya m'kachidako.

Kwa mnzanga wa ku Area 25 ndanena kuti agule mafiriji gadi lero lomwe, swichi yoona kuwala, ndi pulagi imodzi yoyeza magetsi, habu aisiye kaye. Ndamulonjeza kuti mlonda wa mameseji ndimupangira akadzadzaza firiza ndi katundu wa ngongole, pokhapokha avomere kuti pepala lija likhale pakhoma ndipo mapulagi a mafiriza asadulidwe.

Mwezi wa Juni chaka chatha, Lachiwiri lina, meseji ya m'mawa sinabwere. Ine ndinali ku Mzuzu pa ntchito ndipo sindinazindikire mpaka masana. Nditaimba, achemwali anati anaona kale isanakwane 7 koloko. Anagwira mafiriza onse awiri, anali kunjenjemera bwinobwino. Anawerenga pepala la pakhoma, n'kuganiza kuti mwina ndi mayunitsi a mu simu khadi, ndipo anatumizako kuchokera pa foni yawo. Lachitatu m'mawa meseji inabwera: -19 ya nkhuku, -18 ya nsomba.

"Musavutike kubwera, achimwene," anatero. "Malizani ntchito yanu kumeneko."